Kupatula Zonena za Mlendo ndi Zotsimikizika Pofupikitsa Macheza a pa Wailesi

Chinguluwe, m'boma la Salima, ndi malo amene mbiri yake idamera pa thonje, pakuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene boma lidayamba ntchito yotukula ulimi m'chigwa cha kunyanja ndi thandizo la dziko la Jeremani wa Kumadzulo, lidagawa minda kumeneko, nilikhazikamo anthu ochokera kumbali zosiyanasiyana, ena a iwo anyamata a Payoniya, kuti alime thonje ndi kulitsata monga mwa malangizo a alangizi. Zaka zapita, ana a iwo amene adalandira mindayo tsopano ali ndi imvi, koma miyezi yogulitsa ikafika nkhani ya thonje ikali kutentha m'midzi, ndipo atolankhani a nyumba zoulutsa mawu amadza ndi timakina tawo kudzafunsa alimi za mtengo, za mbewu ndi za sikelo. Macheza otero akaulutsidwa satha pomwepo. Wina amawatapa pa foni, nawatumiza kwa anzake pa WhatsApp, ndipo pasanapite masiku mlembi wa komiti ya chitukuko, kapena mwana wa sukulu ya ukachenjede, kapena wantchito wa bungwe lothandiza alimi, amauzidwa kuti, “Tamverani zimene adalankhula bamboyu, mutilembere mwachidule, tiziike mu lipoti.” Mutu uno ukunena za ntchito ya mlembi ameneyo.

Ntchitoyi ioneka yopepuka kwa iye amene sadaigwirepo, popeza kumva tonse timamva ndipo kulemba tidaphunzira tili ana. Koma makolo athu, amene ankatumana mithenga pakamwa kalata isanadze, adaidziwa ngozi yake, n'chifukwa chake adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Komabe ngozi yaikulu ya mlembi wa lero si kuiwala, pakuti makina saiwala, ndipo si bodza ayi, pakuti alembi ambiri ndi anthu oongoka mtima. Ngozi yake ili m'kufupikitsa komweko. Munthu akafuna kuti mphindi 20 za mawu zikwane m'ndime ziwiri, amayang'ana chimene angataye, ndipo choyamba kutayika chimakhala timawu tija tooneka ngati topanda ntchito: “iwo adati,” “monga mwa kuona kwawo,” “ndidamva kuti.” Timawu timeneti tikachoka, chonena cha munthu mmodzi chimaima chokha pa pepala, chopanda mwini, ndipo wowerenga, amene sadamve macheza aja, amachilandira monga choonadi chimene ofesi yafufuza ndi kutsimikiza.

Tiyenera tsono kuyamba ndi kuzindikira chimene mawu otapidwa atsimikiza ndi chimene satsimikiza. Atsimikiza chinthu chimodzi chokha: kuti munthu wakuti, tsiku lakuti, adalankhula mawu akuti. Satsimikiza kuti zimene adalankhulazo zidachitikadi. Ngakhale chimodzi chomwechi chimafuna kusamala, chifukwa kachidutswa kofika pa foni kangakhale kodulidwa, funso litachotsedwa, kapena mawu ochepetsa ukali a kumapeto atasiyidwa, kapenanso kangakhale ka chaka chatha, koyendayenda ngati katsopano. Chotero mlembi asanalembe kanthu, afune macheza athunthu kwa eni pologalamu, ndipo pamwamba pa pepala lake alembe dzina la wailesi, dzina la pologalamu, tsiku limene adatapa ndi limene adaulutsa ngati asiyana, udindo wa wofunsidwa, ndi kutalika kwa macheza onse. Akalephera kupeza athunthu, anene poyera mu lipoti kuti adamva kachidutswa ka mphindi zakuti. Pamenepo wowerenga adziwa yekha kulemera kwa chimene wapatsidwa.

Kumva koyamba kukhale kopanda cholembera m'manja, kuti munthu adziwe kumene nkhani ichokera ndi kumene ilowera. Kumva kwachiwiri ndiko kwa ntchito: kuimitsa, kubwereza, ndi kulemba pambali pa chonena chilichonse mphindi imene chili, monga 04:15 kapena 11:40, kuti tsiku lina wina akatsutsa, asadzafunike kumveranso zonse kuchokera pachiyambi. Iwo amene amalemba mawu otapidwa liwu ndi liwu amawerengera maola ngati anayi pa ola limodzi la mawu, ndipo mphepo ikamaomba kapena anthu akamalankhulira pamodzi, nthawi imaposa pamenepo. Koma wofupikitsa safunika kulemba zonse, alembe liwu ndi liwu malo okhawo amene muli nambala, dzina, tsiku kapena chinenezo, pakuti m'menemo ndimo mumabuka milandu.

Kuti zimenezi zioneke bwino, tiyerekeze macheza amene sadachitike kwenikweni, koma ofanana ndi ambiri amene amamveka. Nthawi ndi mwezi wa Juni chaka cha 2024, misika ya thonje itatsegulidwa, ndipo wofunsidwa ndi wapampando wa kalabu ina ya alimi ku Chinguluwe. Mtolankhani ayamba nati, “Bambo, poti ogula akukuberani pa sikelo, kodi mulimanso thonje chaka chamawa?” Iwo ayankha, “Eya, n'zovuta ndithu mwanawe. Ine ndalima maekala awiri, ndapeza zochepa kuposa chaka chatha. Mvula idadula chifukwa cha El Nino. Ndalama yathu idagwa ndi 44 peresenti, zonse zakwera. Mbewu yatsopanoyi adatiuza kuti safuna mankhwala, koma tapopera. Thonje lomweli kunja aligulitsa mtengo wowirikiza katatu. Theka la alimi kuno asiya. Za sikelozo, anthu akunena, ine sindidaone ndi maso.”

Wosankha thonje asanapite nalo kumsika amalitola m'manja pang'onopang'ono, loyera kwina, lothimbirira kwina, osataya lililonse, popeza lonse ligulidwa koma pa mtengo wosiyana. Momwemonso mlembi agawe yankho limeneli chonena chimodzichimodzi, ndipo pa chilichonse afunse mafunso awiri: kodi munthuyu wachidziwa bwanji chimenechi, ndipo kodi alipo wina, wosadalira iye, amene angachitsimikize?

Pa maekala awiri ndi zokolola zochepa, bamboyo ndiye mboni yeniyeni, pakuti munda ndi wake, ndipo thukuta lidali lake. Chimenechi chilemera kuposa zonse zimene wanena, komabe chikhala chonena chake, ndipo mlembi alembe kuti iwo adati adalima maekala awiri. Achenjere pano ndi chinthu chaching'ono chimene chimapunthwitsa ambiri: alimi amawerenga ndi maekala, pamene malipoti a boma amawerenga ndi mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Mlembi amene angosintha dzina osasintha nambala wakulitsa munda wa munthu kuposa kawiri, ndipo wina akadzagawa zokolola ndi kukula kwa mundawo, adzapeza mlimi waulesi pamene padali wakhama.

Za mvula zili pawiri, ndipo zidzalekanitsidwe ngakhale zidatuluka mu mpweya umodzi. Kuti nyengo ya dzinja la 2023 kulowa 2024 idakhudzidwa ndi El Nino n'chodziwika, ndipo pa 23 Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, adalengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 mudagwa tsoka chifukwa cha nyengo imeneyo. Ichi mlembi angachilembe ndi mawu ake, osachimangirira pa mlendo. Koma chilengezo chimenecho chikunena za maboma athunthu, sichinena za munda wa munthu. Ndipo mawu akuti “chifukwa cha” ndi mawu a woweruza, osati a mboni. Zokolola za bamboyo zingachepe chifukwa cha ng'amba, inde, koma zingachepenso chifukwa chobzala mochedwa, kupalira mochedwa kapena tizilombo, ndipo thonje limapirira dzuwa kuposa chimanga. Wofuna kudziwa ngati mvula idaduladi m'dera limenelo, ndi kwa masiku angati, apite ku ofesi ya zaulimi ya Chinguluwe kapena ku malo a kafukufuku a Chitala, kumene amasunga kaundula wa mvula, akaone manambala a tsiku ndi tsiku. Akawapeza alemba kuti mvula idadula. Koma kuti kudulako ndiko kudachepetsa thonje la kalabu, chimenecho chikhalabe kuona kwa wapampando.

Nkhani ya ndalama ndiyo yophunzitsa kwambiri, chifukwa bamboyo sadapeke nambalayo, adangobwereza chimene dziko lonse lidamva. M'mwezi wa Novembala 2023 Banki Yaikulu ya dziko lino idasintha mtengo wa dola ya ku Amereka kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo nyuzi ndi mawailesi adalengeza kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Tiwerengere tokha. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndi K520, ndipo K520 poyerekeza ndi K1,180 ndi 44 pa 100 aliwonse. Ndiye kuti chimene chidakwera ndi 44 peresenti ndi mtengo wa dola. Koma munthu amene adali ndi K1,180 m'thumba, imene dzulo lake ikadagula dola yathunthu, m'mawa mwake akadagula nayo masenti ngati 69, ndiye kuti mphamvu ya kwacha pa dola idachepa ndi gawo pafupifupi 31 pa 100. Manambala onse awiri ndi oona, koma ayankha mafunso osiyana. Mlembi wanzeru sadzudzula mlendo pa ichi, kapena kumukonzera mawu m'kamwa. Amalemba mitengo iwiri ija, umene udalipo ndi umene udadza, pamodzi ndi mwezi wake, ndipo wowerenga wodziwa masamu sangasokere. Apa tiphunzira kuti chinthu sichikhala chotsimikizika chifukwa chakuti ambiri achinena, pakuti mawailesi khumi obwereza kalata imodzi ali mboni imodzi yokha. Chilamulo cha Mose chidafuna mboni ziwiri kapena zitatu mlandu usanakhazikike, ndipo tanthauzo lake lidali anthu amene aliyense adaona ndi maso ake, osati atatu amene adamva kwa munthu mmodzi.

Mbewu yatsopano ndi ija yotchedwa Bollgard II, imene boma lidalola kuti alimi ayambe kulima m'chaka cha 2019, itayesedwa kwa zaka zingapo kuyambira ku Bunda. Chimene chili chodziwika pa mbewu imeneyi n'chakuti imadziteteza ku mbozi zoboola nthumba za thonje, koma siletsa tizilombo toyamwa madzi a mbewu, monga nsabwe za m'masamba ndi tina totero, ndipo mlimi amayenera kupoperabe pamene tizilombo timeneti tachuluka, ngakhale kuti kupoperako kumachepa. Tsono taonani mmene chonena cha wapampando chapindikira: kuti adapopera, ndi umboni wa iye mwini, ndipo ugwirizana ndi chimene akatswiri adziwa, koma kuti “adatiuza kuti safuna mankhwala,” sitidziwa amene adawauza, kaya ndi mlangizi, kaya ndi wogulitsa mbewu, kaya ndi mnzawo pa bawo. Mlembi wothamanga angalembe kuti alimi adanamizidwa za mbewu, ndipo pamenepo waika mlandu pa anthu amene mlendo sadawatchule. Woleza mtima alemba kuti wapampando adati alimi adamva kuti mbewuyo safuna mankhwala, sadanene amene adawauza, ndipo aonjeza ndi mawu ake chimene mbewuyo imaletsa ndi chimene siletsa.

Chonena chakuti kunja mtengo uwirikiza katatu chimagwira mtima, ndipo ndicho chimene womvera amapita nacho kunyumba. Komatu mwina chikuyerekeza zinthu ziwiri zosafanana. Mlimi amagulitsa thonje la njere, pa kilogalamu, ndi makwacha. Msika wa kunja umatchula mtengo wa ulusi wa thonje, njere zitachotsedwa kale, pa paundi, ndi masenti a ku Amereka, ndipo kilogalamu imodzi ndi mapaundi 2.2. Makilogalamu 100 a thonje la njere akalowa m'makina ochotsa njere, amatulutsa ulusi wa pakati pa makilogalamu 35 ndi 40, chotsalacho n'kukhala njere ndi zinyalala pang'ono. Ndiye kuti ngakhale wogula akadapanda kudya phindu lililonse, kilogalamu ya ulusi ikadayenera kukwera kuposa ya mlimi kawiri ndi theka kapena kuyandikira katatu. Izi sizitanthauza kuti mlimi akulipidwa mokwanira, pakuti njerezo nazo zimagulitsidwa kwa oyenga mafuta ndi opanga chakudya cha ziweto, ndipo funso la amene amadya phindu lalikulu ndi loyenera kufunsidwa. Zitanthauza chabe kuti nambala ya “katatu,” payokha, siitsimikiza kuberedwa. Mlembi alembe chonenacho ndi dzina la mwini wake, aike pambali pake kusiyana kwa thonje la njere ndi ulusi m'chiganizo chimodzi, ndipo ngati afuna mtengo wotsimikizika, atenge umene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka monga mtengo wotsikitsitsa wogulira mbewu, nauyerekeze ndi malisiti a alimi enieni.

“Theka la alimi” tisatayepo nthawi yambiri. Munthu akati theka polankhula, kawirikawiri atanthauza ambiri, ndipo sadawerenge. Theka la alimi a kalabu yake, kapena a Chinguluwe yense? Asiya kuyambira liti? Kaundula wa alimi a thonje amapezeka kwa alangizi ndi ku Khonsolo ya Thonje, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la thonje la 2013, ndipo Unduna wa Zamalimidwe umachita kalembera wa zokolola maulendo atatu pa nyengo iliyonse. Manambala amenewo akapezeka alembedwe, ndi chaka chake; akapanda kupezeka, mawu a wapampando asasandulike “50 peresenti,” pakuti nambala yolembedwa m'zilembo za masamu imavala ulemu umene mawu a pakamwa adalibe.

Tsono tifike pa sikelo, pamene pali msampha waukulu koposa, ndipo ndikhulupirira kuti alembi ambiri akadagwamo. Bwererani ku macheza aja mumve bwino: amene adanena kuti ogula akuba pa sikelo sadali mlendo, adali mtolankhani, ndipo adachinena mkati mwa funso, ngati chinthu chodziwika kale. Mlendo adayamba ndi “eya,” koma “eya” wa Mchewa woleredwa bwino nthawi zambiri ndi ulemu wolandira funso, si kuvomera zonse zili m'menemo; ndipo kumapeto bamboyo adadzipatula poyera, nati anthu akunena, iye sadaone. Mlembi amene alemba kuti wapampando wa kalabu wati ogula akubera alimi, wachimwira anthu awiri nthawi imodzi: waika m'kamwa mwa mlimi mawu amene iye adawakana, mlimi amene mawa adzayenera kukaima pa mzere kwa ogula omwewo, ndipo waneneza ogula popanda umboni. Asadzitonthoze kuti iye adangobwereza za pa wailesi, pakuti pa milandu yoipitsa mbiri ya munthu, wobwereza chinenezo amawerengedwa monga wochifalitsa, ndipo mlandu suwola.

Chinenezo chotere chili ndi njira yake yofufuzira. Sikelo za malonda zimayenera kuyesedwa ndi bungwe loona za miyezo la MBS, limene limaikapo chizindikiro chake zikapezeka zolungama, ndipo munthu angapite pa msika kukaona ngati chizindikirocho chilipo ndi ngati nthawi yake siidathe. Angafunse ku Khonsolo ya Thonje ngati dandaulo lidaperekedwa. Ndipo koposa zonse ayenera kufunsa wonenezedwayo, namupatsa mpata woyankha, monga mfumu sigamula mlandu itamva mbali imodzi. Maofesi a boma akachedwa kuyankha, lilipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani ku maofesi, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo pempho lolembedwa, lokhala ndi tsiku, limasiya umboni wakuti mlembi adayesa. Zonsezi zikalephereka nthawi ya lipoti isanakwane, chinenezocho chilembedwe monga chilili: mphekesera imene mtolankhani adaidzutsa, imene mlendo adati adaimva koma sadaione, ndipo dzina la kampani iliyonse lisatchulidwe.

Kugawa kukatha, patsala kulemba, ndipo apa mneni amene mlembi asankha ali ndi mphamvu yoposa imene ambiri aganiza. “Adati” ndi “adanena” sakondera mbali. Koma “adaulula” auza wowerenga kuti chinthucho n'choona ndipo chidali chobisika. “Adavomereza” amuuza kuti munthuyo adapanikizidwa ndi choonadi. “Adatsimikiza” amuuza kuti nkhani yatha. Ndipo “akuti,” akanenedwa mopendekeka, amamveka ngati kunyogodola. Mlembi agwiritse “adati” ngakhale kubwerezabwereza kumutopetse, popeza lipoti si ndakatulo. Asungenso timawu tochepetsa timene mlendo adatchula, “mwina,” “ena,” “ndikuganiza,” chifukwa munthu amene adati ena asiya sadanene kuti onse asiya. Ndipo lipoti likakhala la Chingerezi pamene macheza adali a Chichewa, monga zimakhalira kawirikawiri m'maofesi athu, mawu omasuliridwa asaikidwe m'zizindikiro za mawu enieni popanda kunena kuti ndi omasulira, ndipo pa malo a chinenezo mawu a Chichewa enieniwo alembedwe pambali.

Pali njira ziwiri zoyalira lipoti. Ena amalemba ndime ya zimene mlendo adanena, kenaka ndime ina ya zimene zapezeka. Njira imeneyi ndi yoyera m'maso, koma wowerenga wotanganidwa amawerenga ndime yoyamba yokha napita. Ine ndikonda kuti chonena chilichonse chitsatidwe pomwepo ndi chimene chapezeka pa icho, kuti zisasiyane ngakhale wina atadula chiganizo chimodzi kukaika mu lipoti lake. Macheza athu aja akadalembedwa motere:

“Pa macheza a mphindi 20 amene adaulutsidwa mu Juni 2024, wapampando wa kalabu ya alimi a thonje ku Chinguluwe adati pa maekala ake awiri adakolola zochepa kuposa chaka chatha (02:10), ndipo iye akuona kuti chifukwa chake ndi ng'amba. Boma lidalengeza za tsoka la El Nino m'maboma 23 pa 23 Malichi 2024. Kaundula wa mvula wa dera lino tapempha, sitidalandire. Adatchula kugwa kwa kwacha (04:15); mu Novembala 2023 mtengo wa dola udachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Adati alimi adamva kuti mbewu yatsopano safuna mankhwala, osatchula amene adawauza (07:30). Mbewuyo imaletsa mbozi, koma osati tizilombo toyamwa. Adati mtengo wa kunja uwirikiza katatu (09:05) ndi kuti theka la alimi asiya (11:40). Zonse ziwiri sitidazitsimikize, ndipo mtengo wa kunja ndi wa ulusi, osati wa thonje la njere. Nkhani ya sikelo adaiyambitsa ndi mtolankhani. Wapampando adati adangomva, sadaone (13:20).”

Wowerenga watcheru aona kuti ndime imeneyi siinena kuti wapampando adanama, ndipo siinena kuti adanena zoona zokhazokha. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa chonena chimene chapezeka cholakwa ndi chimene sichidatsimikizidwe, ndipo mlembi wosakaniza ziwirizi amachitira mlimi chosalungama, pakuti zambiri zimene anthu akumudzi anena n'zoona zimene palibe ofesi idazilembapo. Ndiponso muyezo umenewu usakhale wa mlimi yekha. Mawa wofunsidwa adzakhala bwana wa kampani, kapena mkulu wa ku unduna, wovala bwino ndi wolankhula manambala mosadodoma, ndipo mtima wa mlembi udzafuna kulemba mawu ake opanda “adati,” chifukwa cha udindo wake. Udindo umatsimikiza zimene zili m'manja mwa ofesi yake, monga mtengo umene boma lalengeza kapena tsiku lotsegulira misika. Koma akati alimi onse alipidwa, kapena kuti chaka chamawa zokolola zidzawirikiza, choyambacho ndi chonena chofuna malisiti, ndipo chachiwiricho ndi lonjezo, limene palibe angalitsimikize lisanafike tsiku lake.

Lipoti lisanaperekedwe, mlembi amverenso macheza kachitatu pepala lili m'manja, akuyang'ana nambala iliyonse ndi mphindi yake, ndipo ngati kutheka apatse mnzake amene sadamve macheza kuti awerenge ndi kumuuza, pa chiganizo chilichonse, amene akulankhula: mlendo, mtolankhani kapena ofesi. Pamene mnzakeyo adodoma, pamenepo pakufunika “adati.” Mawu otapidwa asungidwe pamalo awiri, osati pa foni yokha, pamodzi ndi pepala la mphindi lija. Ndipo kaundula wa mvula kapena yankho la ogula likafika lipoti litapita kale, lisasokeredwe mwakachetechete m'ndime yakale; lilembedwe pansi pake monga choonjezera, ndi tsiku limene lidafika, ndipo litumizidwe kwa onse amene adalandira lipoti loyamba.